Mizere 412, anthu 187: mmene ndinasiyira choko

Pali funso limodzi limene linandigwetsa pa intavyu mu 2022, ndipo mpaka lero limandibwererabe ndikamasamba m'mawa. Silinali lovuta ayi. Mwana wa Fomu 2 wochangamuka akanaliyankha. Koma ine, munthu amene ndinali nditaphunzitsa masamu zaka 11 pa CDSS ina ku Ntchisi, ndinalilakwa laputopu ili patsogolo panga, ndipo ndinatuluka m'chipindamo ndikumwetulira, mumtima ndikuti apa ndiye ndalasa.

Chimene ndinkafunira kuchoka pa uphunzitsi sindichifotokoza. Aliyense amene anaonapo peyisilipi ya mphunzitsi ngongole zitaidya kale akuchidziwa, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chimenecho, zotsalazo zinkatha mwezi usanafike pakati. Chimene ndikufuna kukamba ndi chakuti ndinataya pafupifupi zaka ziwiri ndikufunsira ntchito molakwika, ndipo anali mphindi 30 za m'chipinda chija zimene zinandionetsa pamene panali polakwikapo.

## Chipinda cha ku Lilongwe

Bungwe lina losakhala la boma linkafuna wothandizira pa ntchito ya kalondolondo, uja amene amasonkhanitsa manambala a pulojekiti n'kuona ngati zimene analonjeza kwa opereka ndalama zikuchitikadi. Inali intavyu yanga yoyamba pambuyo pa makalata ofunsira ntchito oposa 40. Ndinabwereka jekete, ndinagona kwa msuweni wanga ku Kawale, ndipo ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane.

Mafunso apakamwa ndinawayankha monga mmene mphunzitsi aliyense angayankhire. Ndinati ndine woleza mtima. Ndinati ndimatha kulankhula pagulu, ndimasunga nthawi, ndimagwira ntchito bwino ndi anzanga. Anthu atatu aja ankangogwedeza mitu mwaulemu. Kenaka mayi amene ankatsogolera anandikankhira laputopu.

"Aphunzitsi, umu muli mndandanda wa alimi amene anabwera ku maphunziro athu atatu a manyowa. Tinalonjeza kufikira alimi 200. Mutiuze kuti tafikira angati, ndipo ndi peresenti yanji ya chimene tinalonjeza. Muli ndi mphindi 30."

Mphindi 30 pa funso ngati ili? Ndinatsitsa tsamba la Excel mpaka pansi, ndinaona kuti mayina akuthera pa mzere wa 413, ndinachotsapo mzere wa mitu, 412. Kugawa ndi 200, kuchulukitsa ndi 100. Mphindi zinayi zisanathe ndinali nditakweza dzanja ngati mwana wa kutsogolo.

"Alimi 412, madamu. Ndiye kuti 206 peresenti. Pulojekitiyi yachita bwino kwambiri."

"206 peresenti," anabwereza mayiwo pang'onopang'ono. "Simukufuna kugwiritsa ntchito nthawi yotsalayi?"

Ndinati ayi, masamuwo ndi olondola. Ndipo analidi olondola. Analemba kanthu pa pepala lawo, n'kundithokoza.

Patatha masabata atatu osamva kanthu, ndinalimba mtima n'kuimba foni. Bambo amene anayankha anali munthu wabwino, sanandizembe. Anati: "Achimwene, anthu aja anali 187. Mlimi mmodzi akabwera ku maphunziro onse atatu amalembedwa katatu. Inu munawerenga masiginecha, ife timafuna anthu."

Ndinakhala pa khonde la nyumba ya sukulu ija foni ili m'manja kwa nthawi yaitali. Chinandipweteka si kulephera kokha. N'chakuti chinthu chimenechi ndinkachidziwa. Palibe mphunzitsi amene amasokoneza chiwerengero cha ana olembetsa ndi chiwerengero cha masiku amene anawo abwera. Mwana akabwera kusukulu masiku 60 pa telemu sitinena kuti tili ndi ana 60. Nzeruyo ndinali nayo kwa zaka 11, koma inali yotsekeredwa m'kaundula wa kalasi, ndipo itavala zovala za alimi ndi manyowa sindinaizindikire.

## Madamu ndi cholembera chofiira

Amene anandithandiza ndi mayi wina amene anali wachiwiri kwa ahedi pamene ndinkangofika kumene kuchokera ku koleji ya aphunzitsi ku Domasi. Iwo anachoka kale pa uphunzitsi ndipo ankayang'anira maphunziro a ogwira ntchito ku bungwe lina. Ndinawapeza Loweruka kunyumba kwawo akusankha nyemba, ndinawapatsa siivii yanga. Anapukuta m'manja, n'kuitanitsa cholembera. Chinabwera chofiira, ndipo tonse tinaseka.

Anadula mzere wa "woleza mtima". Anadula "wodziwa kulankhula pagulu". Anadula "wolimbikira ntchito". Atamaliza, pa masamba atatu panatsala dzina langa, dipuloma, ndi zaka zimene ndagwira.

"Madamu, mwandisiya wamaliseche," ndinatero.

"Munali wamaliseche kale, aphunzitsi. Mawu amenewa aliyense amalemba, ngakhale mlonda. Tandiuzeni, telemu ikamatha mumasiya chiyani pa tebulo la ahedi? Chinthu chogwirika, choti munthu n'kunyamula."

Ndinayamba kutchula. Masikimu. Mapepala a mayeso ndi mayankho ake. Malikisi a makalasi anayi. Lipoti la dipatimenti ya sayansi ndi masamu, popeza ndinali mkulu wake. Mndandanda wa ana a Fomu 4 olembetsa mayeso a MSCE, umene ndinkaufananiza ndi wochokera ku MANEB dzina ndi dzina, chifukwa dzina likalakwika chilembo chimodzi satifiketi imatuluka ndi cholakwika chomwecho ndipo mwana amavutika nayo. Mafomu a kalembera wa sukulu amene unduna umatumiza chaka ndi chaka, amene ahedi ankangondikankhira chifukwa "inu ndi a masamu".

"Ndiye zimenezi zili pati m'pepalali?" anafunsa. Munalibe ngakhale chimodzi. Ndinkaziona ngati zintchito zotopetsa zapambali, zosayenera kuzitchula. Chonsecho ntchito imene ndinalephera ku Lilongwe ija ndi yomweyi: kufananiza mindandanda, kugwira dzina lolembedwa kawiri, kudzaza mafomu a manambala pa nthawi yake.

Chinanso chimene ananena tsiku limenelo ndi ichi: "Inu mukuyambira kwa inu, kudzifunsa kuti ndimatha chiyani, kenako n'kumasaka woti akugule. Yambirani kwa ogulawo. Onani chimene akulipira chaka chino."

## Kope la zolengeza ntchito

Ndinagula kope la masamba 96. Kwa miyezi itatu, chilengezo cha ntchito chilichonse chimene chinandikopa mu The Nation, mu The Daily Times kapena m'magulu a pa WhatsApp ndinkachidula kapena kuchikopera, koma osafunsira. Kumeneku kunali kovuta, chifukwa dzanja linazolowera kutumiza kalata paliponse. Ndinkangochimata kumanzere kwa tsamba, ndipo kumanja ndinkalemba zinthu ziwiri: zimene munthuyo azichita tsiku ndi tsiku, ndi chimene chingandilepheretse kuitanidwa.

Dzina la ntchito ndinaphunzira kusalilabadira. Gawo lofunika ndi la maudindo, makamaka mizere itatu yoyamba, chifukwa olemba amayamba ndi chimene chikuwapweteka kwambiri. Ndinkadula mzere kunsi kwa aneni: kusonkhanitsa, kuyeretsa, kuphunzitsa, kulemba lipoti, kuyendera. Mneni aliyense ndinkamufunsa kuti, kodi ndinachitapo zimenezi, ndipo ndili ndi pepala lanji loonetsa?

Zolengeza zinakwana 34, ndipo zinagawika zokha m'milu itatu. Mulu woyamba, 11, unali wa ntchito zotsekedwa ndi pepala: za akaunti, za chipatala, za malamulo. Kumeneko ngakhale utakhala ndi luso lotani, popanda satifiketi ya ntchitoyo kalata yako imathera m'katoni pa kusefa koyamba. Makalata anga ambiri a zaka ziwiri zija anafera mulu umenewu. Wachiwiri, zisanu ndi zitatu, unali wa maudindo akuluakulu ofuna digiri ndi zaka zisanu za ntchito ya mapulojekiti. Kumeneko ndinkafunsira chifukwa cha kunyada, poganiza kuti munthu wa zaka 11 pa ntchito sangakayambire pansi. Zaka za m'kalasi iwo saziwerenga ngati zaka za pulojekiti, kaya tikonde kaya tisakonde.

Zotsala 15 ndizo zinali zanga. Zinali za mitundu itatu yokha: ogwira ntchito m'midzi pa mapulojekiti a maphunziro ndi ulimi, ophunzitsa magulu a anthu akuluakulu, ndi othandizira kalondolondo. Pa 15 zimenezi, 13 zinkatchula Excel, zisanu ndi zinayi zinkafuna wodziwa kusonkhanitsa deta pa foni, ndipo zisanu ndi ziwiri zinkafuna laisensi ya njinga yamoto.

Apa ndinene kanthu kena kamene kanandikwiyitsa. Ndisanagule kope lija ndinali nditathera mabando ambiri ndikuwerenga malangizo a pa intaneti olembera aphunzitsi a ku Amereka ndi ku Britain. Onse amakuuza kuti ukakhale wokonza maphunziro a pa kompyuta a makampani akuluakulu. Kwawoko ntchitoyo ilipo. M'kope langa la miyezi itatu sinatulukemo ngakhale kamodzi. Ntchito yokonza masilabasi nayo ndinkailota, koma kwathu kuno nyumba yake ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mipando ya kumeneko ndi yowerengeka, ndiponso imafuna maphunziro oposa dipuloma yanga. Luso likhoza kukwanira bwinobwino pa ntchito imene kulibe, ndipo ine ndinali nditataya miyezi ndikudzikonzera mpando wa m'maloto, pamene laisensi ya njinga yamoto, imene palibe mlangizi wa pa intaneti anaitchulapo, inkatsegula pafupifupi theka la makomo amene analipodi.

## Loweruka la Fomu 4

Ndinasankha kalondolondo, mwina chifukwa cha manyazi a 412 aja. Madamu anati ndisalipire kosi ina iliyonse ndisanapange kanthu ndi deta imene ndili nayo kale. Ndipo inalipo, m'kabati ya dipatimenti, yomangidwa ndi mphira.

Telemu yachiwiri tinkachititsa makalasi apadera a masamu a Fomu 4 Loweruka lililonse, ndipo ana ankasaina pa pepala. Masabata anali asanu ndi atatu. Mu lipoti langa kwa ahedi ndinali nditalemba monyadira kuti "ana 296 apindula", m'kalasi la ana 78. Nditaliwerenganso lipotilo ndinagwira pakamwa. Ndiye kuti cholakwika cha ku Lilongwe sichinayambire ku Lilongwe.

Ndinabwereka laputopu ya sukulu n'kulowetsa masiginecha onse 296, mzere umodzi siginecha imodzi: tsiku mu kolamu A, dzina mu B, mudzi mu C, mnyamata kapena mtsikana mu D. Vuto loyamba ndi lakuti kompyuta imaona dzina lokhala ndi mpata wowonjezera kumapeto ngati dzina lina. Choncho mu kolamu E ndinapanga chizindikiro cha mwana aliyense, kuphatikiza dzina ndi mudzi, mipata yopanda ntchito itachotsedwa:

```
=UPPER(TRIM(B2))&"|"&UPPER(TRIM(C2))
```

Mudziwo ndi wofunika chifukwa kwathu kuno ana awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi m'kalasi limodzi si zachilendo. Kenaka mu kolamu F ndinaika fomula yopereka 1 pamene chizindikirocho chaoneka koyamba, ndi 0 chikabweranso:

```
=IF(COUNTIF($E$2:E2,E2)=1,1,0)
```

Nditaikokera mpaka pansi n'kuphatikiza kolamu F, ndinapeza 71. Ndinatsala pang'ono kukondwera, koma mawu a mayi aja akuti "simukufuna kugwiritsa ntchito nthawi yotsalayi" anandigwira paphewa. Ndinasanja mayina motsatira alifabeti n'kuwawerenga ndi maso, mmodzimmodzi. Ndipo zinali momwemo. Mwana yemweyo sabata ino walemba dzina lake ndi l, sabata yamawa ndi r. Wina wayamba ndi mfunda, tsiku lina wayamba ndi dzina. Mtsikana wina ankasaina ndi dzina la bambo ake, masiku ena ndi la agogo amene amakhala nawo. Fomula singadziwe zimenezi. Amene angadziwe ndi munthu amene anaitanapo mayina m'kalasi m'mawa uliwonse. Nditakonza, anthu enieni anatsala 63.

Ana 63 pa 78 ndi pafupifupi 81 peresenti, nambala yabwino ndithu. Koma pofika apa ndinali nditayamba kukayikira nambala iliyonse yabwino. Kubwera kamodzi n'kupindula? Ndinapanga tebulo lachidule la mu Excel lotchedwa PivotTable, loonetsa kuti mwana aliyense anabwera kangati. Amene anabwera kasanu ndi kamodzi kapena kuposa apo anali 22 okha. Nditawagawa, atsikana pa 22 amenewa anali asanu, chonsecho m'kalasimo munali atsikana 31, ndipo 21 mwa iwo anali atayesako kubwera masabata oyambirira.

Manambala anathera pomwepo, sakanandiuza chifukwa. Ndinachita kuwafunsa atsikanawo Lolemba, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Loweruka ndi tsiku lochapa, lopita kuchigayo, lolera ana mayi akapita kumsika. Ife aphunzitsi tinasankha Loweruka chifukwa linali lotikomera ife.

Ndinalemba lipoti la tsamba limodzi: tebulo limodzi, ziganizo zisanu, ndi pempho lakuti kalasilo lisamukire Lachitatu masana. Ahedi anavomera. Tsamba limenelo, nditachotsamo mayina onse a ana n'kuikamo manambala, ndi chilolezo cha ahedi, ndilo linakhala umboni wanga woyamba. Izi zochotsa mayina musaziphonye. Kukaonetsa mayina a ana a eni pa intavyu ya ntchito ya deta n'kudziwombera wekha, chifukwa chinthu choyamba chimene akuyesa ndi chakuti kodi ungasunge chinsinsi cha anthu.

## Fomu ya pa foni ndi pepala la mayeso

Chida chachiwiri pambuyo pa Excel chinali KoboToolbox, pulogalamu yosonkhanitsira deta pa foni. Akaunti yake yoyambira ndi yaulere, mafunso umawakonza pa kompyuta, ndipo wofunsa amawatsegula pa foni ya Android kudzera mu KoboCollect. Imagwira ngakhale kulibe netiweki, mayankho amadikira m'foni mpaka ufike pamene pali netiweki. Kudina mabatani ndinaphunzira m'masabata awiri. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti gawo lovuta la ntchitoyi, limene anzanga a madigiri amavutika nalo, ine ndinali nditaliphunzira kale ku Domasi pa phunziro la kakonzedwe ka mayeso.

Funso la mayeso lizifunsa chinthu chimodzi. Ukafunsa mlimi kuti "kodi munapanga manyowa n'kuthira m'munda?", amene anapanga koma sanathire ayankha chiyani? Mayankho osankha asamalowerane: ukaika zaka 15 mpaka 20 kenaka 20 mpaka 25, wa zaka 20 ali ndi nyumba ziwiri. Ndipo usanapereke mayeso umayamba walemba pepala la mayankho, n'kugwirizana ndi anzako kuti malikisi aperekedwa pa chiyani, kuti ochonga awiri asapereke malikisi osiyana pa yankho limodzi. Ku mapulojekiti n'chimodzimodzi. Musanapite kumudzi mumagwirizana kuti "mlimi wofikiridwa" ndi ndani: wobwera kamodzi, kapena womaliza maphunziro onse atatu? Mukapanda kugwirizana, wa ku Dowa awerenga zake, wa ku Mchinji zake, ndipo pophatikiza mupeza chinthu chopanda mutu.

Chatsopano kwa ine chinali chakuti fomu ya pa foni ukhoza kuiuza kuti ikane yankho losatheka. Pa funso la zaka za mwana wa sekondale ndinaika malire awa:

```
. >= 12 and . <= 25
```

Chala chikaterereka n'kulemba 170 m'malo mwa 17, foni imakana pomwepo, mwanayo akadali patsogolo pako. Ndinakumbukira mausiku onse amene ndinkasaka pamene 7 inasanduka 1 m'buku la malikisi.

Pa holide ya Ogasiti ndinapeza ganyu ya masiku khumi yofunsa mafunso m'midzi pa kafukufuku wina. Ndalama zake zinathera pa thiransipoti ndi malo ogona, koma ndinabwerako ndi zinthu ziwiri zimene ndinalibe: mzere pa siivii wonena kuti ndinasonkhanitsapo deta pa foni, ndi munthu wa kunja kwa sukulu woti n'kundichitira umboni. Mpaka nthawi imeneyo ondichitira umboni anali ahedi, abusa ndi mphunzitsi mnzanga. Laisensi ya njinga yamoto ndinaipeza mu Novembala.

Siivii yatsopano inatsika kufika masamba awiri. Pamene panali "ndinkaphunzitsa masamu" ndinalemba kuti ndinkasunga ndi kusanthula malikisi a ana oposa 300 telemu iliyonse, kuti ndinkafananiza mndandanda wa olemba MSCE ndi wa MANEB chaka chilichonse, kuti ndinkatsogolera aphunzitsi asanu ndi mmodzi ndi kulemba malipoti atatu pa chaka. Palibe bodza ngakhale limodzi. Koma ndinaonapo anzanga akupyola malire, kudzitcha oyang'anira mapulojekiti chifukwa anayendetsapo tsiku la masewera. Zimenezo zimagwidwa ndi funso limodzi lokha la bajeti. Ine dzina la ntchito ndinalisiya mmene linalili, mphunzitsi, n'kusintha zofotokoza pansi pake.

Pa zolengeza zisanu ndi chimodzi zimene ndinafunsira mu 2023 anandiitana kutatu. Kwachiwiri anandipatsanso laputopu. Ndisanaigwire ndinafunsa kuti, "Mukufuna anthu kapena maulendo amene abwera? Ndipo muli nambala ya chiphaso cha unzika m'mndandandamu, kapena ndigwiritse ntchito dzina ndi mudzi?" Bambo amene anakhala bwana wanga anandiuza pambuyo pake kuti anandilemba pa funso limenelo, ndisanadine batani lililonse.

## Zimene zinakana kusamuka

Ndikanama ndikanena kuti zonse za m'kalasi zinandithandiza. China chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito ndisanamalize miyezi itatu yoyesedwa.

Mphunzitsi m'kalasi ndi mfumu. Ukatseka chitseko palibe wokufunsa, ndipo cholakwa ukachiona umachizunguliza ndi inki yofiira. Sabata yanga yachitatu, mayi wina amene wagwira ntchito m'midzi zaka zambiri anatumiza lipoti lokhala ndi manambala osagwirizana. Ine ndinalichonga monga mmene ndinkachongera kope la mwana, ndemanga m'mbali monse, n'kulibweza pa imelo imene bwana analinso pomwepo. Mayiwo sanandiyankhe. Mwezi wotsatira mafomu a dera lawo anayamba kufika mochedwa, ndipo palibe chimene ndikanachita, chifukwa sindine bwana wawo. Ntchito ya kalondolondo imadalira anthu amene ulibe mphamvu pa iwo. Ndinachita kukwera njinga kukawapeza, kukapepesa, ndi kukhala nawo pa mkeka n'kuona mmene mafomuwo amadzazidwira mvula ikugwa, alimi akuthamangira kumunda. Manambala osagwirizana aja anali ndi chifukwa: fomu yathu inalibe malo olembapo mlimi wobwera m'malo mwa mkazi wake kapena mwamuna wake.

Kuphunzitsa akuluakulu nakonso si kuphunzitsa Fomu 2. Tsiku loyamba ndinalankhula mphindi 40, kutalika kwa piriyodi, ndipo agogo ena anangonyamuka n'kupita. Mwana amakhala chifukwa belu silinalire. Mlimi amakhala pokhapokha ngati chimene ukunenacho chikuposa chimene wasiya kudimba.

## Mtengo wake

Kalata yosiya ntchito ndinaipereka kudzera kwa ahedi kupita ku ofesi ya maphunziro ya chigawo ku Kasungu, nditagwira kale kontirakiti yosainidwa m'manja, ndipo ndinasunga kope lodindidwa. Musangosowa ngati mmene ena amachitira, chifukwa dzina lothawa ntchito limakutsatirani tsiku limene mudzafune umboni kapena kubwerera. Nyumba ya sukulu ndinatulukamo. Ngongole imene inkadulidwa pa peyisilipi sinafe chifukwa peyisilipiyo yafa. Ndinakakambirana nawo kalipiridwe katsopano ndisanachoke.

Malipiro atsopano anali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Koma nditachotsapo lendi ya m'tauni, madzi, magetsi ndi thiransipoti, zimene ku Ntchisi zinali zochepa kapena kunalibe, kusiyanako kunafota ndithu, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunadyanso kwina. Penshoni ilipo, bwana amaika 10 peresenti ine 5 monga mwa lamulo, koma kontirakiti ndi ya chaka chimodzi chimodzi. M'boma ndinkadandaula za kuchepa kwa ndalama, koma sindinagonepo ndikuganiza ngati ntchito idzakhalepo mu Okutobala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale 2025 boma la Amereka linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo mapulojekiti ambiri muno m'dziko anaima nthawi imodzi. Yathu inali ndi ndalama zochokera kwina, choncho inapulumuka, koma anzanga awiri amene tinkadyera limodzi chipisi masana anabwerera kwawo. Mmodzi anali mphunzitsi wakale ngati ine, ndipo pano akuphunzitsa pa sukulu ina yapulayiveti ndi malipiro ochepera amene anasiya m'boma. Mphunzitsi akandiimbira lero kuti akufuna kutsata njira yanga, ndimamuuza kuti kope langa la 2022 lisamunamize. Agule lake, amate zolengeza za miyezi itatu ino, aone yekha ngati mulu wachitatu udakali wa mabungwe kapena wasamukira ku mabanki, makampani a mbewu ndi a mafoni.

Inenso ndinagula lina. Lili mu diro ya ku ofesi, pansi pa mafomu a mwezi uno, ndipo ndamatamo zolengeza 12. Zisanu mwa izo zikutchula pulogalamu yosanthulira deta ya Power BI, imene sindinaigwirepo. Ndapangana ndi mnyamata wa ku akaunti kuti azindionetsa Lachinayi tikaweruka, ine ndizimuthandizira mng'ono wake masamu a MSCE.